Masekondi 12 amene anandidyera tsiku lonse

Kanema wathu wa alimi a nsawa watha dzulo, koma mtima sunaphwe chifukwa cha Lachiwiri lija.

Kanemayo ndi wa mphindi zitatu. Mawu a wofotokoza ndinawadula mzere ndi mzere, n'kuwerenga uliwonse mokweza foni ili m'manja kuti ndidziwe masekondi ake. Chithunzi chimodzi chophimba mawu, chimene timati bi-rolo, chimatopetsa maso chikapitirira masekondi 4 kapena 5, choncho mzere wa masekondi 12 umafuna zithunzi zitatu: chapatali, chapakati ndi chapafupi. Papepala ndinalemba mawu kumanzere, zithunzi kumanja, malo kumapeto. Danga la chithunzi cholowa m'malo sindinaliike, ndipo apa ndi pamene ndinagwa nayo.

Mzere wa 9, wa masekondi 12, unkanena kuti nsawa zimapita kufakitale kukayengedwa mafuta. Kalata yopempha chilolezo ndinaisiya kuofesi yawo kutatsala milungu iwiri, pafoni anandiuza kuti bwerani. Lachiwiri lija tinanyamuka m'Chipata m'mawa pa takisi ya hayala, ine ndi wakamera amene ndimamulipira pa tsiku. Pageti mlonda anati, “Pepani atate, abwana apita ku Lusaka, za kamera sanandiuze.” Tinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka, nambala imene ndinapatsidwa ikungoitana. Ndalama ya tsiku limodzi mwa masiku atatu amene tinali nawo inathera pamenepo, popanda ngakhale chithunzi chimodzi.

Mzere uliwonse muziulembera chithunzi chachiwiri chosafuna chilolezo cha ofesi. Ndikanatero, masana amenewo tikanajambula zina.

Ndaiwala kunena: pepala lopita nalo kojambula musalisanje motsatira nkhani. Lisanjeni motsatira malo, kuti zonse za ku Kapata, dera la m'Chipata, zithe ulendo umodzi. Onaninso nyengo. Ife tinajambula mu Okutobala, minda ili mbee, mzere ukunena za kukumba nsawa. Tinajambula manja a amayi ena akusenda nsawa m'lichero, makoko akugwera pachitenje, n'kusintha mawu kuti anene za kusenda. Amayiwo nkhope anakana, manja analola.

Mzere wa 9 tinautsiriza kumsika: matumba pa njinga, muvi wa sikelo ukugwedezeka, mafuta akutsika m'botolo. Chilichonse tinachijambula masekondi osachepera 10 kamera osaigwedeza, kuti wodula kanema apeze podula. Mawu ndinasintha akhale akuti nsawa zimagulitsidwa kwa oyenga mafuta, chifukwa woonera akamva za fakitale koma akuona msika, amadziwa kuti mwamunamiza. Mwayi wake wofotokoza anali asanalowe mu situdiyo, apo ayi ndikanalipira kawiri.

Abwana aja anaimba Lachisanu, ati tibwere sabata yamawa. Wakamera anali atabwerera kale kwawo ku Katete.