Mmene ndinapezera muzu wa mawu akuti نَسْتَعِينُ

Mawu amene ndinkafuna ali mu ndime yachisanu ya Sura Fatiha, yomwe timawerenga pa swala iliyonse: نَسْتَعِينُ, nasta'iinu. Tanthauzo lake ndinkalidziwa kuyambira kumadrasa, lakuti tikupempha chithandizo. Chimene ndinkafuna ndi kuwaona ndi maso anga mu dikishonale ya Hans Wehr, ija yomasulira Chiarabu m'Chingerezi imene inatuluka koyamba mu 1961. Vuto lake ndi lakuti dikishonaleyi siindandalika mawu monga alembedwera. Imawaika pansi pa mizu yawo, ndipo mizu yambiri ya Chiarabu imakhala ya zilembo zitatu. Mukatsegula pa chilembo cha ن chifukwa ndicho chili koyambirira, mufufuza mpaka maso kuwawa osapeza kanthu.

Ife a Chichewa zimenezi si zachilendo kwenikweni. Munthu wofuna "ndidzakuthandizani" sapita pa N, amachotsa zophatikira n'kutsala ndi "thandiza". Koma Chiarabu chimapitirira pamenepo, chifukwa chimalowetsa zilembo ngakhale pakati pa muzu, ndipo nthawi zina chimasintha kapena kumeza chilembo cha muzuwo.

Ndinayamba ndi mawu osavuta kuti dzanja lizolowere. Ndinatenga يَسْتَغْفِرُونَ, yastaghfiruuna, a mu sura 51 ndime 18, n'kuwalemba papepala chilembo chilichonse pachokha, popanda tizizindikiro ta pamwamba ndi pansi: ي س ت غ ف ر و ن. Kumapeto, ون imangosonyeza kuti ochitawo ndi ambiri, ndiye ndinaifufuta. Koyambirira, ي ndi chizindikiro chakuti tikunena za "iwo". Kenako pali ست, zomwe zikabwera pamodzi chonchi kutsogolo kwa zilembo zitatu kawirikawiri zimapereka ganizo la kupempha chinthu. Zitachoka zonsezi panatsala غ ف ر, muzu wa kukhululuka. Choncho mawuwo ndi akuti akupempha chikhululuko, ndipo m'dikishonale ndinawapeza pomwepo.

Chondithandiza kudziwa zoyenera kufufuta ndi mawu amodzi amene akatswiri a galamala ya Chiarabu anasonkhanitsamo zilembo khumi zotha kukhala zowonjezera: سألتمونيها. Chilembo chimene mulibe m'gulu limeneli, monga غ kapena ع kapena ق, chikakhala m'kati mwa mawu kawirikawiri ndi cha muzu, musachikhudze. Kupatula apo ndi tizilembo tomamatira kunja kwa mawu, monga ب ndi ف ndi ك, timene timachotsedwa poyambirira penipeni pamodzi ndi ال. Koma chilembo kupezeka m'gulu la khumi lija sikutanthauza kuti nthawi zonse ndi chowonjezera. Mu مَالِكِ, maaliki, ya ndime yachinayi ya Sura Fatiha, م ndi ya muzu م ل ك. Mukaichotsa poganiza kuti م aliyense woyambirira ndi wophatikira, mwawononga mawu. Ndiye pofufuta ndimawerenga zotsala: zikafika zitatu ndimaima, zikachepera ndimabwerera.

Tsopano pa nasta'iinu. Ndinalemba ن س ت ع ي ن. Chilembo choyamba ن ndi "ife". Kenako ست ija yopempha. Panatsala ع ي ن, zilembo zitatu ndendende, zooneka ngati ntchito yatha. Apa ndiye pali msampha, chifukwa muzu wa ع ي ن ulikodi m'dikishonale, ndipo pansi pake pali diso, kasupe wa madzi, ndi kusankha kapena kutchula chinthu mwachindunji. Palibe chokhudza chithandizo. Dikishonale sikuuzani kuti mwasochera, imangokupatsani zimene zili pa tsambalo. Chokuchenjezani ndi tanthauzo lokha: ngati zimene mwapeza sizikugwirizana ndi ndime, muzuwo si umenewo, ngakhale zilembo zikwane zitatu.

Chifukwa chake ndi ichi. Zilembo za و ndi ي, pamodzi ndi alifu, ndi zofooka, zimasinthana malo malinga ndi kamvekedwe ka chilembo choyandikana nacho. Mawuwa pachiyambi ndi nasta'winu, pa sikelo, kutanthauza kaumbidwe ka mawu, yofanana ndi ya nastaghfiru. Koma "wi" pambuyo pa ع ndi wolemera pa lilime, ndiye kamvekedwe ka "i" kanasamukira pa ع, ndipo و atatsala pambuyo pa "i" anasanduka ي. Choncho ي amene ndinkamuona pakatipo ndi و wobisala, ndipo muzu weniweni ndi ع و ن.

Sindinangokhulupirira zimenezi, ndinafuna mboni. Njira yake ndi kufufuza mawu ena a banja lomwelo m'mene chilembo chofookacho chikuonekera poyera. Mu Sura Maida ndime yachiwiri muli وَتَعَاوَنُوا, wa ta'aawanuu, kutanthauza kuti thandizanani, ndipo و akumveka bwinobwino pakati. Palinso dzina lakuti عَوْن, 'awn, chithandizo. Nditatsegula pa عون ndinapeza muzuwo wolembedwa kamodzi, kenako manambala a Chiroma otsatizana. Hans Wehr salemba mneni aliyense wotuluka mu muzu, amangoika nambala ya sikelo yake, ndipo sikelo ya ست ndi X. Pa X pamenepo ndi pamene panali kupempha chithandizo. Amene sadziwa manambalawa amafika pa tsamba loyenera koma n'kutenga tanthauzo la sikelo ina, ndiye ndi bwino kulemba masikelo khumi a mneni, kuyambira I mpaka X, pakapepala n'kukasunga m'kati mwa chikuto.

Kuchokera pamenepo, ndikaona ي kapena alifu pakati pa zilembo zitatu zotsala, ndimayamba kuyesa و, ndipo zikakanika ndimapita pa ي. Ndime yotsatira ya Sura Fatiha yomweyo inanditsimikizira. Mu الْمُسْتَقِيمَ, al-mustakiima, mukachotsa ال ndi م ndi ست patsala ق ي م, koma muzu ndi ق و م, wa kuimirira, ndipo njira yoongoka ija ili pa X.

Mawu amene anandigwira nthawi yaitali ndi لِلْمُتَّقِينَ, lil-muttakiina, a mu Sura Bakara ndime yachiwiri. Nditachotsa لل kutsogolo, ين kumapeto, ndi م, ndinatsala ndi ت ndi ق basi. Zilembo ziwiri, ndipo chimodzi mwa izo n'chokayikitsa. Apa tizizindikiro tija ndinatisiya poyamba ndinatibwezera, chifukwa pa ت pali shada, kusonyeza kuti zilembozo ndi ziwiri. Nthawi zambiri shada amatanthauza kuti chilembo cha muzu chabwerezedwa, monga mu الضَّالِّينَ m'mene muzu ndi ض ل ل. Koma pano ayi. ت wachiwiri ndi wowonjezera wa sikelo ya VIII, ndipo woyambayo ndi و amene anasanduka ت chifukwa chogundana ndi mnzakeyo. Kumapeto nakonso kunali ي wa muzu amene anagwa atakumana ndi ين ya ambiri. Muzu wonse ndi و ق ي, wa kuteteza, ndipo mwa zilembo zake zitatu chimene chatsala osasintha m'mawuwo ndi ق yekha.

Mboni yake ndinaipeza mu duwa ya pa ndime 201 ya sura yomweyo, pa mawu akuti وَقِنَا, wa kinaa, mutiteteze. Apanso maso akhoza kunama, chifukwa و amene ali koyambirirayo si wa muzu, ndi "ndipo" chabe. نا ndi "ife". Mneni wonse wolamula ndi chilembo chimodzi, قِ, ndipo pomufuna m'dikishonale mutsegule chakumapeto, pa و, osati pa ق.