Mgwirizano umene ndinalemba ndisanajambule ngakhale chithunzi chimodzi

Kanema wina wa makatuni wa masekondi 60 anandidyera miyezi inayi, pamene tinapangana masabata asanu ndi limodzi. Kasitomala uja sanali munthu woipa ayi. Papepala lathu panali chiganizo chakuti ndidzakonza kanemayo "mpaka kasitomala atakhutira", ndipo ndinachilemba ndi dzanja langa. Aliyense wa ku ofesi kwawo akamuonera ankatumiza maganizo ake, wina lero, wina mkuja, ndipo nthawi zina maganizowo ankatsutsana. Choncho itabwera ntchito yotsatira, kanema wotsatsa zipangizo zosefera madzi, ndinauza mayi amene ankayang'anira zamalonda pakampaniyo kuti tiyambe takhala pansi n'kulemba zonse.

Tinayambira pa kukula kwa ntchito. Mawu akuti "kanema wotsatsa malonda" paokha sanena kanthu, choncho ndinalemba zinthu zoti munthu angathe kuwerenga: masekondi 60, mafelemu, kapena kuti zithunzi zotsatizana, 25 pa sekondi, anthu awiri ojambulidwa, malo atatu, mawu a munthu mmodzi wofotokoza m'chinenero chimodzi, ndi fayilo ya MP4 ya 1920x1080. Mayiwo ataona manambalawo anafunsa kuti, "Nanga wa pafoni uja, woimirira, simungangodula m'mbali?" Ndinawaonetsa pepala limene ndinajambulapo anthu awiri, wina kumanzere wina kumanja, n'kulibisa ndi manja mbali zonse ziwiri. Pakati panatsala mpopi wokha. Kanema woimirira wa 9:16 amafuna kusanja chithunzi chilichonse mwatsopano, ndiye tinamulemba pa ndime ya zinthu zimene sizili mu mtengowu, pamodzi ndi mawu olembedwa m'munsi ndiponso kumasulira m'chinenero china.

Pamene tinakhalitsa ndi pa nkhani yokonza. Makatuni amamangidwa ngati nyumba, chinthu pamwamba pa chinzake. Choyamba ndi mawu a nkhani. Kenako zithunzi zosayenda zoonetsa mmene gawo lililonse lidzaonekere, zimene timazitcha sitolibodi. Pambuyo pake timalumikiza zithunzizo ndi mawu kuti tione nthawi, ndipo pomaliza m'pamene timaziyendetsa. Kusintha chiganizo pa gawo loyamba ndi ntchito ya mphindi zisanu. Chiganizo chomwecho chikasinthidwa pa gawo lomaliza, wofotokoza uja ayenera kubwereranso kudzajambulitsa mawu, milomo ya munthu wojambulidwayo iyenera kuyendetsedwanso, ndipo zonse zotsatira zimasuntha. N'chifukwa chake sindinalembe chiwerengero chimodzi cha ntchito yonse. Ndinalemba maulendo awiri okonza pa mawu, awiri pa sitolibodi ndi maonekedwe a anthu, umodzi pa kulumikiza, ndi umodzi pa kanema woyenda. Gawo likavomerezedwa pa imelo, latsekedwa. Kubwererako n'kotheka, koma imakhala ntchito yatsopano yokhala ndi mtengo wake ndi masiku ake.

Mawu akuti "ulendo" nawonso anafunika kumasulira, chifukwa apa m'pamene ndinapsa kale. Ulendo umodzi ndi mndandanda umodzi wa zosintha, wochokera kwa munthu mmodzi amene dzina lake lili mu mgwirizano, wotumizidwa pasanathe masiku asanu ogwira ntchito. Akachedwa ndi masiku atatu, tsiku lopereka kanema limasunthanso ndi masiku atatu. Mayiwo anatsutsa mfundo imodzi, ndipo ankanena zoona. Anati, "Inuyo mukalakwitsa dzina la kampani yathu, ndiye kuti ulendo wathu wathera pomwepo?" Tinawonjezera chiganizo chakuti zolakwa zanga, monga kalembedwe ka mawu, mtundu wolakwika wa chizindikiro cha kampani, kapena chilichonse chosiyana ndi zimene zinavomerezedwa, ndimakonza ulere ndipo siziwerengedwa.

Za malipiro tinagwirizana msanga. Magawo 40 pa 100 alionse posayina, 30 sitolibodi ikavomerezedwa, 30 otsalawo ndisanapereke fayilo yoyera. Makanema onse owonera panjira amakhala ndi chidindo changa chodutsa pakati. Iwo ankafuna kuti gawo lomaliza lilipidwe kanema akayamba kuulutsidwa, koma ndinakana, chifukwa tsiku loulutsa lili m'manja mwawo ndipo likhoza kusafika n'komwe. Tinalembanso kuti akaimitsa ntchito pakati, zimene alipira sizibwezedwa, ndipo gawo limene layambika limalipidwa molingana ndi pamene lafika.

Umwini wa mafayilo ndi nkhani imene anthu ambiri amaisiya poganiza kuti ndi yodziwikiratu. Kasitomala amaganiza kuti walipira, choncho zonse ndi zake. Koma malamulo a umwini wa ntchito zaluso amasiyana dziko ndi dziko, ndipo m'mayiko ambiri munthu wodziimira payekha amakhalabe mwini wa chimene wapanga pokhapokha atachipereka molemba. Ndiye tinagawa zinthu pawiri. Kanema womalizidwa amakhala wawo, kuti amugwiritse ntchito kulikonse popanda malire a nthawi, kuyambira tsiku limene malipiro omaliza alowa. Mafayilo ogwirira ntchito, monga a .aep a pulogalamu ya After Effects ndi zithunzi zogawidwa m'magawo, amatsala kwa ine. Muli zinthu zimene ndinamanga kalekale ndipo ndimagwiritsa ntchito kwa makasitomala ena, monga mafupa oyendetsera manja ndi miyendo. Mulinso nyimbo ndi mitundu ya zilembo zimene ndinagulira laisensi, ndipo kawirikawiri laisensi yotere silola kuti fayiloyo ndiipereke kwa munthu wina.

Mayiwo anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti, "Nanga chaka chamawa tikasintha nambala ya foni, inu mutasiya ntchitoyi?" Funsoli linandikhudza, chifukwa kampani siyenera kumangidwa kwa munthu mmodzi chifukwa cha nambala ya foni. Tinalemba kuti ndidzasunga mafayilowo miyezi 12, kuti angathe kuwagula pa mtengo umene tinaulemberatu, nditachotsamo zinthu za laisensi, ndiponso kuti ndidzawapatsa kanema wachiwiri amene masekondi asanu omaliza alibe zolemba, kuti aliyense athe kuikapo nambala yatsopano. Inenso ndinapempha chilolezo choonetsa kanemayo ngati chitsanzo cha ntchito zanga iwo akamutulutsa kaye. Loya anawerenga masamba atatuwo, ndipo tinasayina.

Mgwirizanowu unayesedwa pa sabata lachisanu. Bwana wamkulu wa kampaniyo anaonera kanema woyenda koyamba n'kunena kuti bambo wonyamula chidebe wa m'kanemamo akhale mayi. Munthu ameneyo amaoneka masekondi 40 mwa 60 aja, kutanthauza mafelemu 1,000, ndipo kumusintha kukanafuna kumujambulanso, kumuikanso mafupa ndi kuyendetsanso gawo lililonse limene alimo. Mtima unagunda, koma sindinakangane nawo. Ndinayankha pa imelo kuti n'zotheka, ndinaikapo imelo yawo yovomereza maonekedwe a anthu, n'kulemba kuti ntchitoyo itenga masiku asanu ndi limodzi owonjezera pa mtengo wakutiwakuti. Tsiku lotsatira mayi aja anandiimbira foni. Anati akambirana, bamboyo akhale momwemo, koma malaya ake akhale a mtundu wa chizindikiro cha kampani. Kusintha mtundu kunali kwa ola limodzi, choncho ndinakulowetsa mu ulendo wawo womaliza, ndipo kanema anaperekedwa Lachisanu la sabata lachisanu ndi chimodzi, inivoisi yomaliza italipidwa dzulo lake.