Bajeti ya filimu yathu ya ku Senga Bay: boti lilibe chidindo

Fomu yopempha thandizo la ndalama zojambulira filimu yapita, ndapuma. Filimu yake ndi ya mphindi 12, nkhani ya mnyamata wogwira ntchito pa boti la usipa, ndipo opereka thandizo anati tisapyole K6,000,000. Kulemba nkhaniyo sikunandivute. Chomwe chinandionetsa zakuda ndi tsamba la bajeti, makamaka mzere umodzi wokha wa boti.

Musamalembe kuti "boti, K400,000" basi. Owunika amafuna aone mmene ndalamayo yabadwira: chinthucho, kuchuluka kwake, masiku, ndi mtengo wa chimodzi patsiku. Ine ndinaika zitatu zomalizazi m'mizati B, C ndi D pa Excel, mzati womaliza nkumadziwerengera wokha:

```
=B5*C5*D5
```

Boti lathu linagawika patatu. Kubwereka boti limodzi la injini, masiku awiri, K120,000 patsiku, inakwana K240,000. Alovi atatu, masiku awiri, K10,000 aliyense patsiku, K60,000. Petulo ndinamuika pa mzere wakewake, malita 20 patsiku, chifukwa mtengo wake sukhazikika ndipo mukauphatikiza ndi boti, ukakwera mumakangana ndi mwini wake padoko. Musadabwe kuti botilo ladula. Mwini wake akuwerengera nsomba zomwe sapha, poti alovi omwe aswera nanu padzuwa sangapitenso usiku kukayatsa nyali.

Tsono malamulo a fomuyo amati chilichonse choposa K200,000 chikhale ndi makotesheni atatu okhala ndi chidindo. Kamera ndi zojambulira mawu zinali zosavuta, a ku Lilongwe anatumiza pa foni tsiku lomwelo. Koma msodzi wa padoko chidindo achitenga kuti? Mkulu wina nditamufotokozera anangoseka, amvekere, "Achimwene, ine ndimalemba m'kope, ndipo kopelo linanyowa." Ndinaimbira ku ofesi ya opereka thandizowo, wondiyankha akuti bwana atuluka. Ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, kuswera pa benchi tsiku lathunthu, yankho lake nkukhala la mawu ochepa: kalata wamba ikwanira, bola asainepo mwini boti ndipo a mfumu adindepo. Zimenezi sakanazilemba pa fomu pomwepo? Thiransipoti yopita ndi kubwera inatuluka m'thumba mwanga, ndipo ndalama yomwe mwagwiritsa ntchito thandizo lisanavomerezedwe simungaiike mu bajeti.

Choncho funsani msanga kuti kotesheni kwa iwo ndi chiyani, ndipo akuyankheni molemba. Kalatayo ikhale ndi mtengo patsiku, maola ake, ndani agule petulo, komanso kuti mtengowo ukhala choncho mpaka liti. Chomalizachi nchofunika kwambiri, chifukwa ndalama za thandizo zimachedwa kutuluka, ndipo tonse tikukumbukira mu Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mitengo nkusintha sabata yomweyo.

Ndisanaiwale, za ndalama yodikirira zadzidzidzi. Anatilola 10 peresenti, koma imalowa mkati mwa K6,000,000 yomweyo, osati pamwamba pake. Ndiye kuti mizere ina yonse isapyole K5,450,000, kuti mukaonjezapo K545,000 mukhale pa K5,995,000. Ambiri amadzaza sikisi miliyoni yonse kenako nkuyamba kudula chakudya cha anthu.

Ndipo mwera musamuike m'ndalama yadzidzidziyo. Kunyanja kuno aliyense amadziwa kuti miyezi yozizira, cha m'ma Juni ndi Julayi, mphepoyi imatha kuletsa maboti kulowa m'madzi, ndiye si chadzidzidzi. Ine ndinalemba mzere woonekera wa tsiku limodzi lodikira mphepo: kamera, malo ogona ndi chakudya. Chakudyacho nchosavuta kuwerengera, anthu 14 pa K6,000 aliyense ndi K84,000 patsiku, kaya mwajambula kaya mwangokhala pamchenga. Pambali pake ndinalembapo chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chake, poti wowunika wokhala mu ofesi sangalote za mafunde.

Zomwe tapatsidwa mwaulere nazonso ndinazilemba ndi mtengo wake mu mzati wina: nyumba ya azakhali yojambuliramo, laputopu yanga yolumikizira zithunzi. Zimaonetsa kuti nafe tasonkhapo, koma musaziphatikize ndi ndalama yomwe mukupempha, masamu asokonekera. Mizere ina imaiwalika chifukwa imabwera kujambula kutatha: kukonza mawu omwe mphepo yaononga, kumasulira zolankhula m'Chingerezi, zosungira zithunzi ziwiri kuti china chikafa musalire, ndi ndalama yoti filimuyo iunikidwe ku Censorship Board musanaionetse pagulu. Muwafunsenso obwereketsa kamera ngati mtengo wawo uli ndi VAT kale, ndipo muonjezere ndalama yotapira ngati anthu mudzawalipira pa foni.

Makalata atatu a maboti aja ndinawapeza, a mfumu anadinda, ndinawajambula nkuwamata kumapeto kwa bajeti pamodzi ndi uthenga wa ofesi ija wovomereza. Uthengawo ndinachita kuumirira kuti andilembere ndisanachoke pa benchi paja. Zapakamwa musazidalire, amene anakuuzani akhoza kusakhalapo tsiku lowunika.