Foni ya abwana inalira ka 12, ndipo si ine ndekha wolakwa

Ndikudziwa kuti nkhaniyi mwaimva kale mbali imodzi, ndiye ndiloleni ndiinene ndekha musanayambe kuthira mchere. Eee, ndine amene ndinadzutsa abwana 5 koloko m'mawa ndi mauthenga 12 a zanyengo.

Pa apu yathu munthu amasankha dera lake, foni n'kulembetsa ku topiki ya deralo pa Firebase Cloud Messaging, kapena kuti FCM, njira ya Google yotumizira mauthenga ku mafoni, ife tikatumiza uthenga ku topikiyo umangofika kwa amene analembetsa basi. Khodi yanga inali yooneka bwino kwabasi:

```
FirebaseMessaging.getInstance().subscribeToTopic("dera_kumpoto")
```

Chimene sindinalembe ndi mnzake wa mzerewu, `unsubscribeFromTopic`. Ine m'mutu mwanga ndimati munthu akasankha dera latsopano lakalelo limachoka lokha. Ayi ndithu, silichoka. Foni imodzi imatha kukhala m'matopiki mpaka 2,000, ndiye FCM ikaona wawonjezera lina imangoti lowani, malo alipo.

Tsono abwana tsiku loyesa apu anadina madera onse 12, limodzi limodzi, uku akugwedeza mutu kuti mwagwira ntchito achimwene. Osadziwa akudzilembetsa konseko. M'mawa mwake seva inatumiza zanyengo dera lililonse palokha. Tiii, kumpoto kugwa mvula. Tiii, kummwera kutentha. Tiii, kum'mawa mphepo yamkuntho. Akuti pofika wachisanu ndi chiwiri anali atakhala tsonga pabedi, ambulera dzanja lino chipewa dzanja linalo, mayi akunyumba akufunsa kuti kodi ndani ameneyu amakukondani chonchi usiku. Anafika ku ofesi atavala juzi, thukuta kamukamu, n'kungoika foni patebulo panga osayankhula, ine ndikuwerenga mauthenga anga omwe ngati munthu akuwerenga mlandu wake.

Koma tinene zoona, ndikanadziwa bwanji? Palibe chimene chinafiira paliponse. Seva ikatumiza ku topiki imangokubwezera nambala ya uthenga kuti walandiridwa, sikuuza kuti wapita kwa ndani. Ndipo pa foni yanga zinkayenda bwinobwino chifukwa ine ndinasankha dera kamodzi, ngati munthu wabwinobwino.

Kukonza kwake ndinayamba kusunga dzina la topiki yakale pafoni pomwepo, munthu akasintha dera timayamba tamuchotsa kwakaleko kenako n'kumulembetsa kwatsopano. Vuto linatsala kwa amene anakodwa kale, poti sitinasunge paliponse kuti anadina ati. Ndiye apu yatsopano ikangotsegulidwa imazungulira madera onse 12 kumuchotsa munthu konse kupatula kumene ali.

Kungoti zimenezi zimagwira ntchito munthu akapanga apudeti. Abwana sanapangebe, akuti foni yawo yadzadza. Mawanso 5 koloko.