Mphoto ya wobweretsa mnzake ituluke tsiku liti?

Mtima wanga tsopano uli m'malo. Ntchito imene anatipatsa m'kalasi ya zamalonda, yokonza ndondomeko yoti sukulu yaing'ono ya zaluso izithokoza ophunzira obweretsa anzawo, yandizunguza mutu nthawi yaitali, koma pano yandilowa. Zoti munthu amakhulupirira mnzake kuposa chikwangwani tonse tikuzidziwa, ndiye sinditayirapo nthawi. Chimene chanditsegula maso n'chakuti gulu lathu lonse linkakangana za kukula kwa mphoto, pomwe nkhani yagona pa tsiku limene mphotoyo ikutuluka.

Tiyerekeze sukulu yophunzitsa kusoka kapena makompyuta, kosi ya miyezi 6, fizi yake 100 pamwezi. Ndalamayo itchuleni dzina lililonse. Pa 100 imeneyo, 30 imathera pa wophunzirayo: zipangizo, magetsi, mapepala a mayeso. Aphunzitsi ndi lendi zimalipidwabe kaya iye abwere kaya asabwere, choncho munthu mmodzi wowonjezera amasiyira sukulu 70 pamwezi, ndipo akamaliza kosi yonse amakhala atasiya 420. Mwini sukulu walengeza kuti aliyense wobweretsa mnzake alandira 100.

Ndiye abwera anthu 10. Ngati mphoto ikutuluka tsiku lolembetsa, mwini sukulu watulutsa 1,000 nthawi yomweyo. Koma m'masukulu otere anthu amathawa koyambirira, ena ndalama zawathera, ena apeza ntchito, ena angoona kuti si zimene ankaganiza. Tinene kuti 4 asiya mwezi woyamba ukangotha. Aliyense wa iwo wasiya 70, pomwe pa mutu wake palipidwa 100. Sukulu yaluza 30 pa munthu aliyense, ndipo wowabweretsayo alibe nazo kanthu chifukwa zake analandira kale.

Tsopano sunthani tsikulo. Mphoto ituluke mnzakeyo akalipira fizi ya mwezi wachitatu. Pofika pamenepo, kuchokera kwa munthu mmodziyo, sukulu ili ndi 210 m'manja, ndipo 100 ikuchoka pa ndalama imene yalowa kale. Pa anthu 10 aja, mphoto zikhala 6 zokha, kutanthauza 600 m'malo mwa 1,000. Koma kupulumutsa 400 kumeneku si kumene kwandisangalatsa kwenikweni. Chachikulu n'chakuti wophunzira amasintha mtundu wa munthu amene akumuitana. Ukamulipira pa kulembetsa, amakoka aliyense amene wakumana naye, bola dzina lilowe m'kaundula. Ukamulipira pa mwezi wachitatu, amayamba waganiza kuti mwa anzake ndani amene akufunadi lusoli ndipo angakwanitse fizi. Mnzakeyo akajomba masiku awiri, iye ndiye amayamba kumuimbira foni. Sukulu imakolola khalidwe limene yalilipira, basi. Ndikabwerera m'manotsi anga ndikupeza kuti chilichonse chikuzungulira pomwepa.

Apa ndiye pamene aphunzitsi athu amandikhumudwitsa. Atiuza za kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011, wa makasitomala a banki ina ya ku Germany, wosonyeza kuti obwera kudzera mwa anzawo ankakhalitsa ndipo ankapindulitsa bankiyo ndi 16 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi enawo. Atiuzanso za Dropbox, kampani yosunga mafayilo a anthu pa intaneti, imene inkapatsa malo owonjezera osungiramo mafayilo kwa woitana ndi woitanidwa yemwe. Zonsezo n'zoona, koma kalasi ya anthu 25 si banki. Funso loti mphoto ituluke liti anangolidutsa ngati la ana, kenako belu. Ukawatsatira kuti ufunse, yankho ndi loti tidzaziona teremu yamawa, pomwe ntchito akuifuna sabata ino.

Pali chinthu chachiwiri chimene chimabisala, ndipo masamu ake ndi owawa. Mwa anthu 6 amene akhala aja, si onse amene abwera chifukwa cha mphoto. Ena akanabwerabe: mng'ono wake wa wophunzira, kapena munthu amene anadzafunsa kale za kosiyo mwezi watha. Ngati 3 akanabwera okha, ndiye kuti 600 ija yagula ophunzira atsopano 3 okha, aliyense pa mtengo wa 200, osati 100. Poyerekeza ndi 420 phindu lilipobe. Koma mwini sukulu akatengeka n'kukweza mphoto kufika 250, watulutsa 1,500 pofuna anthu 3 amene onse pamodzi asiya 1,260. Kalasi ikuoneka yodzaza, iye akusekerera, ndalama zikutuluka mwakachetechete.

Chitetezo chake ndi kaundula. Aliyense wobwera kudzafunsa alembedwe dzina ndi tsiku, ndipo amene dzina lake lili kale m'bukumo asawerengedwe ngati wobweretsedwa. Pa fomu yolembetsera pakhale mzere umodzi woti watsopanoyo alembe yekha dzina la amene wamuitana, tsiku lomwelo, dzina limodzi, losasinthidwanso. Popanda zimenezi, pakatha mwezi pamabwera ophunzira awiri akulimbirana munthu mmodzi, ndipo kalaliki ndiye amakhala woipa. Chinyengo nachonso chimaonekera m'buku lomwelo. Anthu awiri alembetsa tsiku limodzi, wina watchula mnzake. Kapena wophunzira mmodzi ali ndi mayina ambiri, koma onse ndi a anthu amene anakumana nawo pakhomo la ofesi ali kale pamzere.

Mtundu wa mphoto, ine ndili kumbali ya kuchotsera fizi, ndipo anzanga atopa nane. Ndalama ya m'manja imachoka m'bokosi, imafuna risiti, imafuna wosainira, ndipo imachititsa kuti woitanidwa akayikire ngati mnzake akumufunira zabwino kapena akumudyera. Kuchotsera fizi kumangolembedwa pa akaunti ya wophunzirayo, ndipo kumamupatsa chifukwa china chokhalira mpaka kumapeto. Mukaigawa pawiri, 60 kwa woitana ndi 40 kwa watsopano pa fizi ya mwezi wachitatu womwewo, manyazi amatha, chifukwa munthu amatha kunena mosabisa kuti, “Ukalemba dzina langa, tonse atichotsera.” Kwa ine njira imeneyi ilibe inzake. Ndingaiike pa sukulu iliyonse popanda kuganiza kawiri.

Malire ake ndi mipando. Masamu a 70 aja akugwira ntchito pokhapokha ngati pali mpando wopanda munthu ndi makina ongokhala. Kalasi ikadzaza, wowonjezera aliyense amafuna makina ena kapena mphunzitsi wina, kapena amangodya nthawi ya anzake, ndipo amene amayamba kudandaula ndi omwe aja mumadalira kuti akakuyamikireni kunja. Choncho ndondomekoyo inene poyera kuti malo ndi angati ndipo itsekedwa liti.

Pamene ndakanirira ndi pa wophunzira amene watsala mwezi umodzi kuti amalize. Iyeyu ndiye mboni yabwino koposa, chifukwa luso lili m'manja ndipo anzake akuliona. Koma mnzake akamafika mwezi wachitatu, iye amakhala atapita kale ndipo alibe fizi yoti muichotsere. Wina m'gulu lathu akuti apatsidwe kosi yaifupi yaulere, wina akuti zida zoyambira ntchito, wina akuti pamenepa ndalama ya m'manja ndi yosathawika. Ndikavomera ndalama kwa omaliza okha, amene ali pakati pa kosi sadzayamba kusunga mayina a anzawo mpaka atamaliza? Papepala langa ndalemba zida, koma ngati atandifunsa chifukwa chake m'kalasi, sindikudziwa ngati ndingaime nazo.