Lipoti la ulendo wa kalabu yathu ya zachilengedwe ku Lifupa: kuzindikira nyama pa chithunzi

Kalabu yathu, yomwe ndi ya aphunzitsi ndi achinyamata a kuno ku Kasungu, idapita ku nkhalango yosungira nyama ya Kasungu m'chilimwe, nthawi imene udzu umakhala utapsa ndipo nyama zimasonkhana pafupi ndi madzi. Tidalowera pa chipata cha Lisitu n'kukafikira ku damu la Lifupa. Cholinga chathu chidali chophunzira kutchula molondola nyama za m'banja la agwape ndi mbawala poyang'ana chithunzi chokha, popeza ambiri timajambula ndi foni nyama ikuthawa, ndipo tikabwerera kumudzi nyama iliyonse yofiirira timangoitchula kuti mbawala. M'chaka cha 2022 nkhalangoyi idalandira njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi nyama zina monga nswala, mphalapala ndi nakodzwe, motero masiku ano mwayi wojambula nyama zofananazi pamalo amodzi ndi waukulu.

Mlonda wa nkhalango amene adatiperekeza, bambo achikulire ndithu, adatiuza kuti mtundu wa ubweya tiziuyang'ana pomaliza, ngakhale kuti ndi umene diso limayamba kuona. Dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limafiiritsa chilichonse, fumbi la katondo limamatirira paubweya, ndipo foni nayo imasintha mitundu payokha, moti nyama yotuwa ikhoza kuoneka yofiira pachithunzi. Zizindikiro za kumbuyo ndi kapindikidwe ka nyanga sizisintha ndi dzuwa. Choncho adatilangiza kuyamba ndi kumbuyo kwa nyama, kenako nyanga, kenako nkhope, ndipo ubweya ungotsimikizira zimene zinazo zanena kale. Ine ndikuona kuti malangizowa ndi anzeru, chifukwa nyama yodzidzimuka imakufulatira, ndipo zithunzi zathu zambiri zidali za kumbuyo basi.

Nakodzwe sadativute. Ali ndi mzere woyera wozungulira mchira wake ngati mkombero wa lichero, ubweya wake ndi wotuwa komanso wanyankhalala, ndipo wamwamuna yekha ndiye ali ndi nyanga, zazitali, zamizeremizere, zimene nsonga zake zimapindikira kutsogolo.

Chithunzi chimene tidakhalira nthawi yaitali chidajambulidwa ndi mtsikana wina wa m'gulu lathu m'mphepete mwa damu. Chidaonetsa nyama yofiirira, yopanda nyanga, itatifulatira koma khosi litapotokera kwa ife. Ena adati ndi nswala, ena adati ndi nseula, ndipo mphunzitsi wina adaumirira kuti ndi mphoyo. Onse adali ndi chifukwa, pakuti pa nyama zitatuzi yaikazi ilibe nyanga, misinkhu yake ndi yoyandikana, ndipo zonse zikhoza kupezeka pafupi ndi madzi. Mlonda uja adauza mtsikanayo kuti, "Mwanawe, kulitsa chithunzichi ndi zala, undiuze chimene ukuona pantchafu ndi pamchira." Mtsikanayo atayang'anitsitsa adayankha kuti, "Bambo, palibe mzere wakuda uliwonse." Apo nswala idachoka pamndandanda, chifukwa nswala iliyonse, yaimuna kapena yaikazi, imakhala ndi mizere itatu yakuda kumbuyo, umodzi pantchafu iliyonse ndi wina wotsika ndi mchira. Ilinso ndi timiulu ta ubweya wakuda pamwamba pa ziboda za miyendo yakumbuyo, ndipo thupi lake limagawika pooneka bwino, kumsana kofiira, m'nthiti mofewerapo, kumimba koyera. Nyama ya pachithunzi idalibe chilichonse mwa izi.

Zidatsala ziwiri, nseula ndi mphoyo, ndipo apa mpamene padafunika maso. Mphoyo ili ndi mchira wamanyenje umene kunsi kwake n'koyera, ndipo ikamathawa imauimika, kuyera kuja n'kumaonekera patali. Ili ndi mzere wodera kutsogolo kwa miyendo yakutsogolo, komanso kadontho kakuda kopanda ubweya m'munsi mwa khutu, ngakhale kuti kadonthoka sikaoneka bwino pa mphoyo iliyonse. Pachithunzi chathu mchira udali wopyapyala, wofanana mtundu ndi thupi, m'munsi mwa khutu munalibe kanthu, ndipo mwendo umodzi wakutsogolo umene unkaoneka udalibe mzere. Titafika apa ndi pamene mlonda adatilola kulankhula za ubweya, ndipo udali wachikasu chofiirira thupi lonse, pamene wa mphoyo umakhala wotuwirako. Malo nawonso adavomereza, chifukwa nyamayo idaima poyera pa udzu waufupi wa m'dambo, zina zinzake zikuoneka chapatali, pamene mphoyo imakonda kubisala mu udzu wautali ndipo kawirikawiri imayenda iwiriiwiri kapena yokha. Tidagwirizana kuti idali nseula yaikazi.

Pakadakhala yaimuna ntchito ikadachepa. Nyanga za mphoyo zimakhota kamodzi kokha, kuloza kutsogolo. Za nseula ndi zonenepa, zazifupi, zimayamba kupita kumbuyo kenako nsonga n'kudzuka. Za nswala ndi zazitali ndi zowonda, zimatambasukira m'mbali zisanakwere. Komabe mlonda adatichenjeza kuti tonde wamng'ono wa nyama zonsezi amakhala ndi tinyanga tatifupi tosapindika bwino, motero pa nyama yosakhwima nyanga zikhoza kusocheretsa, ndipo munthu ayenera kubwerera ku zizindikiro za kumbuyo. Chithunzi chojambulidwa nyama ikukuyang'ana chimabisanso kupindika kwa nyanga, kotero cha chammbali ndicho chodalirika.

Chithunzi china chimene chidautsa mtsutso chidali cha nyama yaikulu yofiirira, ya nyanga zokhotera kumsana. Ambiri adati ndi chilembwe, poganiza kuti mphalapala imakhala yakuda nthawi zonse. Koma yakuda bii ndi yamphongo yokhwima yokha. Yaikazi ndi ana amakhala ofiira moderako, ndipo pa mphalapala ndi chilembwe yaikazi nayonso ili ndi nyanga. Apa chosiyanitsa ndi nkhope ndi makutu. Mphalapala ili ndi nkhope yoyera, mzere wakuda wotsika pakati kukafika kumphuno, ndi mzere wina wochoka padiso kutsikira kukamwa. Chilembwe ali ndi nkhope yakuda, kuyera kuli pafupi ndi maso ndi kukamwa kokha, ndipo makutu ake ndi ataliatali, okhala ndi ubweya wolendewera kunsonga. Kumimba ndi kumatako kwa mphalapala n'koyera mbee, ndipo malire a kuyerako ndi odulika bwino, pamene pa chilembwe mtundu umangofewa pang'onopang'ono. Nyama ya pachithunzicho idali ndi mizere kunkhope ndi malire odulika kumimba, choncho idali mphalapala yaikazi.

Sizithunzi zonse zimene zidapeza dzina. Pa zina mwa izo nyama idali patali, udzu utaphimba mchira ndi miyendo, ndipo mlonda adakana kuzitchula. Adati n'kwabwino kulemba kuti nyama yosadziwika kusiyana n'kulowetsa dzina lolakwika m'kaundula wa kalabu, chifukwa ana asukulu adzaphunzira kuchokera m'menemo. Pamsonkhano umene tidachita pobwerera tidamangana kuti pansi pa chithunzi chilichonse tizilemba malo, nthawi ya tsiku, ndi chizindikiro chenicheni chimene tadalira potchula dzinalo, ndiponso kuti ojambula aziyesetsa kutenga zithunzi ziwiri za nyama imodzi, china chammbali, china chakumbuyo.