Mutu wa pampu ya ku Kanyama

Lolemba m'mawa anandiitana ku ofesi n'kundipatsa buku la pampu ya sola yomwe tinaika pa chitsime china ku Kanyama. Bukulo ndi la Chingerezi, masamba 48. Anati pofika Lachisanu ndikhale nditatulutsamo pepala limodzi la Chinyanja loti likamatidwe m'kanyumba ka pampu, chifukwa amene aziyang'anira ndi a komiti ya madzi ya m'komboni momwemo. Ine ntchito yanga ndi ya mapampu ndi mapaipi, koma poti kwathu ndi ku Katete, chilichonse cha Chinyanja chimagwera ine.

Mawu monga pampu, paipi, thanki, switchi ndi geji sanandidyere nthawi. Aliyense mu Lusaka amawatchula choncho, ndipo ndikanalemba kuti "chopopera madzi" anthu akanaganiza za mjigo wa manja. Ndinangotsutsana pang'ono ndi mnzanga wa mu ofesi pa nkhani ya madzi ndi manzi, magetsi ndi malaiti. Tinasankha madzi ndi malaiti.

Mavuto anayamba Lachiwiri, pa mawu amene ife timati hedi. Mnyamata wathu wophunzira ntchito anali atayamba kale kumasulira, ndipo analemba kuti "mutu wa pampu ndi mamita 45". Sindinamuseke, chifukwa dikishonale imaterodi. Koma hedi si chiwalo cha pampu. Ndi kutalika konse kumene pampu iyenera kukwezera madzi, kuwerenga cham'mwamba.

Pa chitsime chathuchi zili motere. Anaboola mamita 60, pampu tinaipachika pa mamita 50. Ikamapopa, madzi m'chitsime amatsika n'kukhazikika pa mamita 32 kuchokera pamwamba. Thanki ili pa nsanja ya mamita 6, ndipo paipi imalowera pamwamba pa thankiyo, mamita ena 2. Ndiye 32 kuonkhetsa 8 ndi 40. Tikaonjezerapo mamita 5 a mphamvu imene imathera m'kukhulana kwa madzi ndi paipi ndiponso m'makona, tikupeza 45. Onani kuti 60 ndi 50 sizikulowamo. Madzi amene ali pamwamba pa pampu m'chitsimemo amaithandiza kukankha, choncho timayambira kuwerenga pamene madzi alekezera.

Ndinayesa "kuya". Ndinayesa "msinkhu". Lachitatu ndinapita nawo mawu onsewa ku Kanyama, n'kuwerengera atate ena amene amasunga kiyi wa kanyumbako. Nditati kuya, iwo anayankha msangamsanga.

"Kuya ndi 60, mwanawe. Ndinalipo tsiku limene amaboola."

Sananame. Koma tsiku limene pampu idzafe, iwo akadzapita kusitolo n'kunena 60, adzawagulitsa pampu yodula kuposa imene ikufunika. Ndikanabwereka n'kulemba hedi yekha, iwo amadziwa Chingerezi chokwanira kuti amve "mutu", n'kubwerera pomwe paja. Apa ndinagonja, ndinafotokoza: "Mtunda wokwera madzi, kuchokera pamene alekezera m'chitsime pampu ili kupopa, kufikira pakamwa pa thanki, kuphatikizapo kukhulana m'paipi: mamita 45. Kusitolo amati hedi." Chiganizo chachitali, chadya mizere itatu, koma atatewo anachibwereza m'mawu awoawo osaphonya.

Pulesha ndinaibwereka mosanyinyirika. Mawu achinyanja amene amabwera msanga ndi mphamvu, koma mphamvu yatopa kale ndi ntchito: mavoliti ndi mphamvu, mawati ndi mphamvu, kuthamanga kwa madzi pampopi nakonso anthu amati mphamvu. Pepala likanena kuti mphamvu ikachepa muimbe foni, munthu ayang'ana kuti, pa geji kapena pa mapanelo? Pulesha anthu amaidziwa kale, ya matayala ndi ya kuchipatala. Ndinangoonjeza kuti `bar` imodzi pa geji ikufanana ndi madzi oima m'paipi mamita 10.

Kupeka mawu ndinayesako, ndipo ndinapsa nako. Pali vavu ina imene imalola madzi kupita mbali imodzi yokha, kuti pampu ikazima asabwerere kuchitsime. Usiku wa Lachitatu ndinaipatsa dzina loti chitsekambuyo, ndipo ndinagona wokondwa. M'mawa mwake ndinadzera ku Kamwala kukagula mafitingi, ndiye ndinati ndiliyese.

"Muli nacho chitsekambuyo cha inchi imodzi ndi kota?"

Wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Bwana, nenani bwino. Ndi cha galimoto?"

Nditajambula ndi chala pa kauntala anaseka. "Oho, noniritani! Bwanji osangonena?"

Dzina langa linafera pa kauntala pomwepo. Chinthu chogula kusitolo chiyenera kuyenda ndi dzina limene wogulitsa akulidziwa, ngakhale likhale lokhota lilime. Papepala ndinalemba noniritani, kenaka ntchito yake ndi m'mene ungaidziwire kuti yafa. Geji yathu ili pakamwa pa chitsime. Pampu ikazima, madzi a mamita 8 aja amatsala chiimire m'paipi yopita kuthanki, choncho muvi uyenera kukhala pafupi ndi 0.8. Ukamatsika pang'onopang'ono mpaka pa 0, madzi akuthawira pansi: mwina vavu yalumidwa ndi mchenga, mwina paipi ikudontha m'chitsime. Chizindikiro china n'chakuti m'mawa pampu imalira kwa kanthawi madzi asanayambe kugwera m'thanki.

Komabe dzina limodzi lopeka linalowa m'pepala, ngakhale silinali langa. M'thanki muli switchi yoyandama imene imazimitsa pampu madzi akadzaza. Ndikufotokoza zimenezi, amai ena a komiti anandidula.

"Mukunena kansupa kaja? Kaja kakapendekeka pampu imaleka."

Onse anagwedeza mitu. Anali atakatchula kale choncho kuyambira tsiku limene tinakaponya m'thanki, poti kamayandama ngati nsupa. Ndinalemba kansupa, n'kuika fulotiswitchi pambali pake kuti adzathe kukagula.

Lachinayi masana ndinalimbana ndi mawu a pa sikirini ya kontrola, kabokosi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa pampu. Amenewa sindingawasinthe, chifukwa munthu ayenera kufananiza zilembo za papepala ndi zimene akuona. Oopsa kwambiri ndi `DRY RUN`. Pampu ya m'chitsime imazizira ndi madzi omwewo amene ikupopa, ndiponso ndi amene amafewetsa zozungulira zake. Madzi akatsika kupitirira pampu, kontrola imaizimitsa kuti isapse. Mnyamata uja analemba kuti "kuthamanga kouma", ine ndinafufuta. Ndinasiya zilembozo m'mene zilili n'kulemba pansi pake kuti: "Madzi achepa m'chitsime. Musadine `RESET` mobwerezabwereza. Dikirani chitsime chidzazenso, pampu idzayamba yokha. Zikachitika masiku atatu otsatizana, imbani foni." Mu Okutobala, madzi apansi akatsika, uthenga umenewu adzauona kawirikawiri, ndipo mzere wa zigubu ukatalika chala chimayabwa.

Lachisanu tinakamata pepalalo. Atate aja anawerenga mokweza kuyambira pamwamba, anthu atazungulira pakhomo. Atafika pa noniritani anapunthwa kawiri, ana n'kuseka. Kenaka anapempha bolopeni yanga, ndipo pambali pa mawuwo anajambula kamuvi koloza kumwamba.